Nkhope yanga ndi mayina a anthu zikuoneka mu vidiyo ya Zoom, ndizibisa bwanji?

Nachisale: Anzanga, ndili pa vuto. Lachiwiri tinali ndi maphunziro a anamwino pa Zoom, ine ndinali woyendetsa msonkhano. Ndinadina Hide Self View chiyambireni, pa sikirini yanga sindinkadzionanso. Lero ndatsitsa vidiyo kuti tiitumize kwa amene sanakhalepo, ndikupeza kuti nkhope yanga ikutulukira pakona yakumanja m'mwamba, pena ndikumwa tiyi, pena ndikulankhula ndi mwana. Chachiwiri, mayina a anamwino amene ankafunsa mafunso akuoneka pansi kumanzere. Ena anafotokoza mavuto a kuchipatala kwawo, ndipo tinawalonjeza kuti mayina satuluka. Abwana akufuna vidiyoyi Lachisanu.

Yamikani: Chemwali, nchosavuta chimenecho. Lowani pa webusayiti ya Zoom, Settings, kenako Recording, muchotse chizindikiro pa Display participants' names in the recording. Mukatero itsitseninso.

Bambo Gondwe: A Yamikani, malo mwalozawo ndi omwewo, koma kuitsitsanso sikusintha kanthu. Batani limenelo limagwira pa misonkhano yomwe idzajambulidwe mtsogolo. Vidiyo ikapangidwa, dzina limakhala litalowa m'chithunzi momwemo, ngati inki pa pepala.

Mayi Nachisale, Hide Self View imangokubisani kwa inu nokha. Kamera imakhala ikutumizabe, anzanu akukuonani. Munajambulira pa kompyuta yanu kapena kwa Zoom komweko? Ngati ndi kwa Zoom, makina awo sayang'ana n'komwe zomwe zili pa sikirini yanu. Kakonako kamaonetsa amene akumveka kuti akulankhula nthawi imeneyo, choncho ndikuganiza kuti maiki yanu inali yotsegula. Kapu ikagunda tebulo, kakona kamalumphira kwa inu.

Nachisale: Kwa Zoom komweko. Ndipo zoona, maiki sindinatseke chifukwa ndinkalandira anthu ochedwa.

Bambo Gondwe: Musanavutike ndi china chilichonse, tsegulani Recordings muone mafayilo amene alipo. Ngati pa akaunti yanu panali potsegula pa Record active speaker, gallery view and shared screen separately, mupeza fayilo ya zoonetsa zokhazokha, yopanda nkhope. Ikakhalapo, ntchito yatha theka.

Nachisale: Palibe. Pali Shared screen with speaker view, Audio only, Chat file ndi Audio transcript basi. Vidiyoyo ndi ya mphindi 68, kukula kwake 1280 ndi 720.

Tadala: Ine zinandichitikira chaka chatha ndi msonkhano wa makomiti a m'midzi, koma wanga unali wa timabokosi tambirimbiri pa sikirini imodzi. Ndinaphimba mayina onse mu pulogalamu yokonzera mavidiyo ya Shotcut, ndikuona ngati ndamaliza. Kufika mphindi ya 20 munthu mmodzi netiweki inamudula, timabokosi tonse tinasuntha, mayina n'kutulukira pambali pa zophimba zanga. Choipa china, munthu akazimitsa kamera ndipo alibe chithunzi, dzina lake limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakati pa kabokosi. Ndinagonja, ndinangotumiza mawu okha ndi masilaidi.

Bambo Gondwe: Ya a Tadala ndi yovutadi. Ya mayi Nachisale ndi yopepukirapo chifukwa zofunika kubisa zili malo awiri osasuntha. Yambani mwaona vidiyo yonse mwachidule. Ndi pulogalamu ya ffmpeg, lamulo ili litulutsa chithunzi chimodzi pa masekondi 30 aliwonse:

```
ffmpeg -i msonkhano.mp4 -vf fps=1/30 c%03d.png
```

Zituluka zithunzi pafupifupi 136. Ziyang'aneni mu foda, mulembe nthawi yomwe maonekedwe akusintha. Kenako tsegulani chimodzi mu Paint, muike kalozera pa ngodya za kakonako. Manambala amene amaoneka pansi kumanzere ndiwo malo ake.

Nachisale: Ndachita. Mphindi 4 ndi masekondi 10 oyambirira ndi malonje chabe, nkhope zikusinthana. Kenako masilaidi mpaka mphindi ya 52, kakona kakuyambira pa 1040 mpaka kumapeto, kutsika mpaka 135. Kuyambira 52 masilaidi atsekedwa, wofunsa akudzaza sikirini yonse, dzina lili pansi kumanzere. Lalitali kwambiri likufika pa 310, poti mayiyo analemba ndi dzina la chipatala chomwe.

Bambo Gondwe: Malonjewo tidula. Mabokosi tiapanga okulirapo pang'ono kuposa muyeso wanu, kuti m'mphepete musatsale zilembo:

```
ffmpeg -ss 250 -i msonkhano.mp4 -vf "drawbox=1030:0:250:145:black:fill:enable='lt(t,2870)',drawbox=0:670:340:50:black:fill:enable='gte(t,2865)'" -c:a copy yotumiza.mp4
```

Samalani ndi 2870. Mphindi 52 ndi masekondi 3120, koma popeza tadula 250 oyambirira, wotchi ya vidiyo yatsopano ikuyambira pa ziro, ndiye tichotsera. Mukaika 3120, mayina aoneka kwa mphindi zinayi zathunthu bokosi lisanabwere. Bokosi lachiwiri ndaliyambitsa masekondi asanu msanga dala. Yezaninso ngati dzina likuyambiradi pansi pa 670, chifukwa nambala imeneyo ndangoiyerekeza.

Yamikani: Bokosi lakuda likuoneka moipa pa maphunziro. Bwanji osangochita kuti pakhale mbuu, zilembo zisawerengeke? Komanso mwatero mwabisa ndi mphunzitsi yemwe, poti kakonako nkamodzi.

Bambo Gondwe: Za mphunzitsi mukunena zoona, nkhope yake ipita nawo. Akafuna aiphimbe nthawi zokhazo zomwe mayi akuoneka, ndi `between(t,a,b)` pa chigawo chilichonse, koma kudumphako kumatenga sekondi imodzi kapena ziwiri, ndipo zithunzi za masekondi 30 sizingakugwire konse. Ayenera kuonera mphindi 48 zonse ndi cholembera m'manja.

Za mbuu sindivomera pa mayina. Oonera vidiyoyi ndi anamwino anzawo, amadziwana. Kutalika kwa dzina ndi kaumbidwe ka chilembo choyamba n'kokwanira kuti wina anene kuti awa ndi auje. Ngati chakuda chikunyansa, sinthani `black` kukhala `white` pa bokosi loyamba, lifanane ndi masilaidi.

Tadala: Koma ine chikundivuta china. Mwabisa dzina, nkhope ya namwinoyo ili gwa sikirini yonse. Amene angazindikire dzina losaoneka bwino alephera bwanji kuzindikira nkhope? Ndipo mvetserani mawu. Kwathu wapampando ankati "a uje, funsani", dzina n'kumveka bwinobwino.

Nachisale: Iii, ameneyo ndi ine. Ndinkawaitana mmodzimmodzi, dzina ndi boma lomwe.

Bambo Gondwe: Pamenepo `-c:a copy` ichoke, m'malo mwake muzimitse mawu pamalo amenewo. Mwachitsanzo, dzina likatchulidwa pakati pa sekondi 2901 ndi 2904 pa wotchi yatsopano:

```
-af "volume=0:enable='between(t,2901,2904)'"
```

Malo ena onjezani ndi `+between(t,…)` mkati momwemo. Ndipo musatumize linki ya Zoom, chifukwa imatsegula vidiyo yoyambirira ija. Chat file ndi Audio transcript muzisunge kwanu, chifukwa m'menemo muli mayina a anthu.

Nachisale: Ndayendetsa lamulo lija, kakona kabisika bwino, 670 inakwanira. Mayina otchulidwa pakamwa ndapeza malo 11. Koma mawu a Tadala andikhudza. Tinalonjeza za mayina okha, nkhope sitinazitchule, komabe mayi amene anadandaula za kusowa kwa magolovesi abwana ake amuzindikira ndithu. Ndikuganiza zodula gawo la mafunso lonse, ndiwalembe pa pepala ndi mayankho ake.

Yamikani: Mayankho a mphunzitsi ndi amene anali okoma kwambiri, chemwali. Phimbani sikirini yonse ndi silaidi kuyambira pa 52, mawu apitirire.

Tadala: Liwu nalonso amalidziwa. Anafunsa ndi angati?

Nachisale: Asanu ndi awiri. Ndiwaimbira mawa m'mawa mmodzimmodzi. Wovomera, funso lake likhala ndi silaidi pamwamba. Wokana, ndidula funso lake ndisiye yankho lokha. A Gondwe, kudula pakati kangapo kotere ndichite mu ffmpeg momwemo kapena ndipite ku Shotcut?