Nkhani ya kusiya ntchito ija, apa ndi pomwe yafika

Funso langa lija linali lakuti: "Abwana andidula malipiro ndi theka, andichotsa kusitolo n'kundipatsa tsache. Ndikasiya ndekha, ndingadandaule kuti andichotsa ntchito?"

Ndinasiya ndithu. Gawo 60 la lamulo la zantchito la 2000 limalola kuchoka osapereka notisi ngati zochita za wolemba ntchito zafika poti munthu sangapitirize. Koma kuofesi ya leba, bambo amene anandilandira sanayambe ndi kumva madandaulo anga, anangoti, "Mayi, kalata yosiyira ntchito ili kuti?" Anaiwerenga akulondola ndi chala mzere uliwonse. Mwayi wanga, ndinalembamo tsiku limene anandidula malipiro, komanso kuti ndinadandaula kawiri polemba osayankhidwa. Ndikanangolemba zothokoza, zija timalemba mwaulemuzi, bwenzi abwana akunena kuti ndinachoka mwa kufuna kwanga. Pa mlandu wotere, wosiya ntchitoyo ndiye ayenera kuonetsa chimene chinamuthamangitsa.

Anandifunsanso kuti ndinalandira kangati malipiro odulidwawo. Kawiri kokha. Munthu akangokhala chete miyezi yambiri akulandira, zimaoneka ngati anavomera. Dandaulo nalo liyenera kufika kuleba pasanathe miyezi 3 chisiyireni ntchito.

Abwana anaitanidwa koma sanabwere, ndiye nkhani yapita kukhoti la zantchito. Ndagwira zaka 7, ndipo wogwira zaka zopitirira 5 mpaka 10 chipukuta misozi chake sichichepera malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse. Kwa ine ndi masabata 14, pa K70,000 yomwe ndinkalandira pa sabata asanadule, ndi K980,000. Tsiku la mlandu ndikudikirabe.