Ndiwalembere chiyani achimwene osafuna za tsiku lobadwa?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni, tulo sindikupeza. Achimwene anga akukwanitsa zaka 50 Loweruka likudzali. Ndi amene anandilipirira fizi kuchokera Fomu 1 mpaka kumaliza, koma za tsiku lobadwa safuna n'kumva komwe. Chaka chatha alamu anatisonkhetsa ndalama, tinagula keke ndi nkhuku zitatu, iwo atangoona anthu pakhonde anabwerera pageti, n'kudzafika usiku tonse titabalalika. Mpaka lero alamuwo amati ndine ndinaulula, chonsecho zotsala za msonkhewo sanatiuze kuti zinapita kuti. Mng'ono wanga nayenso anandichotsa pa gulu la banja la WhatsApp chifukwa cha nkhani yomweyi. Ine phwando sindikufuna. Ndikungofuna mawu ochepa oti adziwe kuti ndimawakumbukira, koma osawakwiyitsa. Ndilembe chiyani?

Bambo wa ku Chilomoni: Musalembe kanthu! Munthu wakana, mukumukakamiziranji? Agogo athu ankangoti "ndinabadwa chaka cha njala ya 1949", basi, ndipo anakalamba bwinobwino. Ambiri tsiku lobadwa analidziwira pa chiphaso cha unzika mu 2017, ena lochita kuwaganizira.

Mayi wa ku Area 25: Kodi achimwenewo ndi a Mboni za Yehova? Ngati ndi choncho, ngakhale uthenga wofatsa bwanji wa tsikulo sangaulandire, n'chikhulupiriro chawo. Athokozeni tsiku lina lililonse, osatchula za kubadwa.

Bambo wa ku Chilomoni: Ndipo a Mboniwo sanalakwe. Tsegulani Genesis 40 ndi Mateyu 14. Pa tsiku la kubadwa kwa Farao wophika mkate anapachikidwa, pa la Herode mutu wa Yohane Mbatizi unabwera m'mbale.

Membala wobisa dzina: Ayi, si a Mboni, timapemphera limodzi. Kale ankalola ndithu, anasintha zaka zapitazi.

Mnyamata wa ku Joni: Atumizireni ya mayunitsi pa Airtel Money, asisi. Palibe munthu anakwiyapo ndi uthenga woti ndalama zalowa, hahaha.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza: Ndalama ziwakakamiza kuimba foni yothokoza, ndiye mwawapatsa ntchito pa tsiku limene akufuna kukhala phee. Mwanawe, amuna anga anali otere zaka 30 zonse za ukwati wathu, ndiye tamvera. Chimawalemera anthu oterewa si kukumbukiridwa ayi, koma maso a anthu ndi ngongole yoyankha aliyense. Ukaika chithunzi chawo pa sitetasi, m'mawa womwewo anthu makumi awiri awaimbira. Choncho lembera iwo okha, usaimbe, usatumize mawu ojambula, usaikepo zithunzi za keke, ndipo 50 uja usamutchule. Tchula chinthu chimodzi chimene anakuchitira. Mwachitsanzo: "Achimwene, lero ndakumbukira tsiku limene munandiperekeza kusukulu mutasenza sutikesi yanga. Zikomo pondilera. Musavutike n'kuyankha, ndimangofuna mudziwe." Mzere womalizawo ndi umene umamasula munthu. Ukaona kuti awerenga koma ali chete, usawonjezere "mwauona?"

Mayi wa ku Zomba: Inu zanu zili bwino. Ine mwamuna wanga anaiwala langa zaka zitatu zotsatizana, koma la mnzake wa kuntchito anachita kugula mphatso. Ndinalira usiku wonse. Amuna mumatani kodi?

Bambo wa ku Chilomoni: Mwaonatu? Mabanja akugwedezeka chifukwa cha keke. Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, uthenga wanuwo ndi phwando lomwelo mwangolivula nsapato. Ukafika Loweruka, adziwa chimene wabwerera.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza: Adziwedi, bambo, cholinga n'chomwecho. Chimene anathawa chaka chatha ndi gulu pakhonde. Komabe pamenepo mwanena zoona pang'ono: ngati tsikulo lili ndi bala, ndi bwino kutumiza Lachinayi kapena Lolemba. Mwanawe, wati anasintha. Chinachitika n'chiyani? Ena amadana nalo chifukwa linagundana ndi maliro, ndipo woteroyo umamulembera za womwalirayo, osati za iye. Ena ndi manyazi chabe. Mauthenga ake ndi osiyana.

Mnyamata wa ku Joni: Komanso wina awathandize pa Facebook, tsiku lobadwa aliike pa "Only me". Ndi imene imauza anthu, ine ndinabisa langa ndipo amandikumbukira ndi amayi okha.

Mayi wa ku Area 25: Koma ndalama za msonkhezo alamu abweze kaye. Zinatsala zingati?

Membala wobisa dzina: Aphunzitsi zikomo, mawu a sutikesi andigwetsa misozi, chifukwa anandiperekezadi pa njinga. Za chimene chinachitika, ndi nkhani ya m'banja, sindingailembe pano. Ndiye nditumize Loweruka lomwelo kapena Lolemba?

Bambo wa ku Chilomoni: Ndanena kale, musatumize. Pitani mwezi wamawa ndi nkhuku, mukawaone ngati mlongo wawo.