Mawu oti "kutumphuka" amatanthauza chiyani, nanga angalowe mu lipoti la mitengo?

Mlembi wa kalabu:
Akuluakulu, thandizeni. Ndikulemba lipoti la kalabu ya alimi lonena za mtengo wa chimanga pa msika wathu. Thumba la makilogalamu 50 linali pa K30,000 mu Meyi, K31,500 mu Juni, K33,000 mu Julayi, K34,500 mu Ogasiti, kenaka K46,000 mu Seputembala. Mzere uliwonse ndalemba kuti "mtengo unakwera", mwakuti wowerenga sangaone kuti Seputembala ndi wosiyana ndi miyezi inayo. Wapampando wathu, amene ndi munthu wachikulire, akuti pa Seputembala ndilembe kuti "mtengo unatumphuka". Mawuwa ndimangowamva kwa akuluakulu. Tanthauzo lake lenileni n'chiyani, ndipo akuyenera pamenepa?

Agogo a ku Ntcheu:
Mwanawe, kutumphuka timanena chinthu chimene chinali pansi pa madzi n'kutulukira pamwamba mwadzidzidzi. Tenga chipanda chopanda kanthu, uchikanikizire pansi mu mgolo wa madzi, kenaka uchotse dzanja. Chimabwera chokha pamwamba mwaliwiro, madzi n'kuthovoka. Chatumphuka chimenecho. Uonetsetse zinthu ziwiri. Chipandacho chinali chopanikizidwa, ndipo chikafika pamwamba pa madzi chimaima pomwepo, sichipitirira kumka kumwamba. Ndiye wapampando wako akati mtengo watumphuka, ine ndikumva kuti mtengowo unali woponderezedwa, tsopano wabwerera pamalo pake. Ngati si zimene akufuna kunena, mawuwo akusokeretsa anthu.

Mphunzitsi wa Chichewa:
Agogo alasa, koma si ponseponse pamene mawuwa amamveka choncho. Pali ena amati nsomba yatumphuka ikajowa pamwamba pa madzi n'kugweranso momwemo. Kwa anthu otere, mtengo wotumphuka ndi umene wakwera kanthawi kochepa ndipo utsikanso. Ndiye taonani bambo mlembi: wina amva kuti mtengo wabwerera mwakale, wina amva kuti utsika posachedwa. Manambala anu sakunena chilichonse mwa ziwirizi. Akungonena kuti mwezi umodzi mtengo unakwera kwambiri kuposa kale.

Mlimi wa ku Mchinji:
Vuto si mawu, vuto ndi mavenda. Amagula kwa ife motchipa nthawi yokolola, n'kusunga, chikayamba kusowa akweza. Chaka chilichonse nyimbo ndi yomweyi. Mulembe mu lipotimo kuti kalabu ipeze nkhokwe yabwino ndi mankhwala a anankafumbwe, tizigulitsa mochedwerapo.

Mayi wa ziwerengero:
Achimwene a ku Mchinji, funso silinali limenelo, komabe mwakhudza chinthu chofunika osadziwa. Mwati mavenda "akweza". Kukwera ndi kukweza n'zosiyana. Mukalemba kuti mtengo unakwezedwa, mwanena kuti alipo munthu amene anakhala pansi n'kulamula, monga amachitira a MERA akamalengeza mtengo watsopano wa mafuta a galimoto. Pa msika wa chimanga pamene ogulitsa ndi ambirimbiri, lembani kuti unakwera, pokhapokha muli ndi umboni woti anthu ena anapangana.

Tsopano tibwere ku manambala a bambo mlembi. Musanasankhe mawu, werengerani kaye kusiyana kwa mwezi ndi mwezi. Kuchoka Meyi kufika Ogasiti, mwezi uliwonse pankawonjezeka K1,500, imene ndi 5 peresenti kapena kucheperapo pang'ono. Apa lembani kuti "mtengo unkakwera pang'onopang'ono", ndipo mukhoza kuphatikiza miyezi yonseyo m'chiganizo chimodzi. Mawu oti "unkakwera" ndiwo akuonetsa kuti zinkachitika mobwerezabwereza, pamene "unakwera" akumveka ngati kamodzi kokha.

Kuchoka Ogasiti kufika Seputembala panawonjezeka K11,500. Mukagawa K34,500 patatu mupeza K11,500 yomweyo, ndiye kuti mtengo unakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, 33 peresenti, m'mwezi umodzi. Kukwera kumeneku n'koposa kasanu ndi kawiri kukwera kwa miyezi yam'mbuyoyo. Apa mpamene mawu amphamvu ali ndi malo: "unakwera mwadzidzidzi", kapena "unalumpha kuchoka pa K34,500 kufika pa K46,000". Ine ndimakonda kulumpha chifukwa kumanena za kamodzi, kofulumira, kodutsa masitepe apakati, ndipo sikulonjeza kanthu za mawa.

Ndime yanu ikhoza kukhala motere: "Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mtengo wa thumba unkakwera pang'onopang'ono, ndi K1,500 pamwezi, kuchoka pa K30,000 kufika pa K34,500. Mu Seputembala unalumpha ndi K11,500 n'kufika pa K46,000."

Wolemba nkhani wachinyamata:
Bwanji osangoti mitengo inasefukira? Ndi mawu amphamvu ndipo aliyense amawamva. Kapena kuti chimanga chinachuluka mtengo. Kuchuluka, kukwera, kuwonjezeka, zonse n'chimodzimodzi, timangosinthasintha kuti wowerenga asatope.

Mphunzitsi wa Chichewa:
Zoti wowerenga asatope n'zoona, koma kusinthasintha kumeneko n'kumene kumawononga malipoti ambiri. Kusefukira kumafuna malire. Mtsinje umasefukira chifukwa uli ndi magombe, monga anachitira Shire ndi Ruo nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chipinda cha odwala chokhala ndi mabedi 40 chikalandira anthu 65, mukhoza kunena kuti chasefukira, chifukwa 40 ndiye gombe lake. Mtengo wa chimanga ulibe gombe lotere, pokhapokha patakhala mtengo woikika umene sukuyenera kupyoledwa, ndipo ngakhale apo mawu oyenera ndi "unapyola".

Mayi wa ziwerengero:
Ndiwonjezerepo pa kuchuluka, chifukwa apa mpamene pamagwa anthu ambiri. Titenge kalembera wa anthu amene amachita a National Statistical Office ku Zomba. Mu 2008 anapeza anthu pafupifupi 13.1 miliyoni, mu 2018 anapeza pafupifupi 17.6 miliyoni. Pali njira zitatu zonenera, ndipo sizikunena chinthu chimodzi.

Mukati "chiwerengero cha anthu chinakwera", mukunena za nambala, ndipo nambala ndiyo imakwera kapena kutsika. Simunganene kuti anthu anakwera, wowerenga afunsa kuti anakwera chiyani. Mukati "anthu anawonjezeka ndi pafupifupi 4.5 miliyoni", mukunena za anthu enieniwo, kuti pa amene analipo pabwera ena, ndipo simunaweruze kanthu. Koma mukati "anthu anachuluka", mwalowetsamo maganizo anu. M'Chichewa chathu cha tsiku ndi tsiku, mchere ukachuluka mu ndiwo ndiye kuti wapyola muyeso. Wowerenga amva kuti mukudandaula kuti anthu ndi ambiri kuposa m'mene dziko lingathere. Ngati lipoti lanu likufunadi kunena zimenezo, liyambe laonetsa malo olima, sukulu kapena zipatala zimene zikuperewera. Apo ayi, gwiritsani kuwonjezeka.

Ndipo kukwera kumeneko, pafupifupi 35 peresenti m'zaka khumi, kapena 2.9 peresenti pachaka, sikulumpha ayi. Nambala ndi yaikulu koma inabwera mwapang'onopang'ono. Mawu amphamvu amatsata liwiro, satsata kukula kwa nambala.

Wolemba nkhani wachinyamata:
Chabwino mayi, ndamva. Nanga kuwirikiza? Ine ndimalemba kuti "chawirikiza" chinthu chikakwera kwambiri basi.

Mayi wa ziwerengero:
Ayi, kuwirikiza ndi samu, si mawu okometsera. Chinthu chawirikiza kawiri ngati 8 wasanduka 16. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni, ndiye tikayerekeza ndi 17.6 miliyoni ya 2018 tikhoza kunena kuti chiwerengero chinawirikiza kawiri n'kupitirirapo. Chimanga cha bambo mlembi sichinawirikize. Kuchoka pa K30,000 kufika pa K46,000 ndi kukwera kwa 53 peresenti, kungoposa theka pang'ono. Kuti chiwirikize kawiri chinayenera kufika pa K60,000.

Womasulira malipoti:
Palinso kamawu kakang'ono kamene kamasintha nkhani yonse kuposa aneni onsewa: "ndi" ndi "kufika pa". "Unakwera ndi K11,500" akunena zimene zawonjezeka. "Unakwera kufika pa K46,000" akunena pamene waima. Wina akalemba kuti "unakwera ndi K46,000", mlimi wowerenga aphatikiza n'kuganiza kuti thumba lafika pa K80,500. Njira yopewera n'kulemba zonse, pochokera ndi pofikira, kamodzi kokha m'ndimemo.

Komanso muzionetsetsa kuti chimene chakwera n'chiyani kwenikweni. Mu Novembala 2023, banki yaikulu ya Reserve inasintha mtengo wa dola kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700, ndipo kunalengezedwa kuti kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mukawerengera, 44 peresentiyo ndi kukwera kwa mtengo wa dola: K520 yowonjezekayo mukaigawa ndi K1,180. Koma mukafunsa kuti kwacha imodzi inkagula madola angati pambuyo pa kusinthako poyerekeza ndi kale, mupeza kuti inatsika ndi pafupifupi 31 peresenti. Kukwera ndi kutsika kwa chinthu chimodzimodzi sikukhala ndi peresenti yofanana, chifukwa pochokera n'posiyana. Chimodzimodzinso chimanga chija: chikatsika kuchoka pa K46,000 kubwerera pa K34,500, chatsika ndi 25 peresenti, osati 33.

Agogo a ku Ntcheu:
Zonsezi ndamva, koma musawataye mawu a wapampando msanga. Mufunse kaye kuti chaka chatha nyengo ngati yomweyi thumba linkagulidwa zingati. Ngati linali pafupi ndi K46,000, ndiye nthawi yokolola linangomira chifukwa aliyense ankagulitsa nthawi imodzi, bamboyo akunena zoona, mtengo watumphuka. Munthu wamkulu satchula mawu otere mwachisawawa.

Mphunzitsi wa Chichewa:
Agogo, pamenepo sindikutsutsani pa tanthauzo. Nkhawa yanga ndi ya wowerenga wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi amene m'mutu mwake mubwera nsomba yojowa ija. Pokamba pa msonkhano wa kalabu, wapampando awanene mawuwo, anthu amufunsa akapanda kumva. Pa pepala palibe womufunsa.

Mlembi wa kalabu:
Zikomo nonse. Pa Seputembala ndilemba kuti "unalumpha", ndi manambala onse awiri monga anenera mayi. Buku la mitengo ya chaka chatha lili kwa msungichuma, ndikalitenga Lachisanu ndione ngati agogo alondola. Pakadali pano ndili ndi funso lina: lipoti lomwelo lili ndi ndime ya ndalama za m'thumba la kalabu, zimene zachoka pa K1.2 miliyoni kufika pa K1.5 miliyoni. Kodi ndilembe kuti thumba lakula, kapena ndalama zawonjezeka?

Womasulira malipoti:
Zitengera kumene K300,000 yowonjezekayo yachokera. Ngati ndi chiwongoladzanja cha ngongole zimene mamembala abweza, thumba lakula, chifukwa ndalamazo zaswana zokha. Ngati ndi zopereka za mamembala atsopano, ndalama zawonjezeka, ndipo mutchule kuti alowa angati.