Pempho: mawu oti "Kidney deficiency" ndiwamasulire bwanji mosasocheretsa wodwala?

Abale anga odziwa zomasulira ndi zachipatala, ndikupempha nzeru zanu. Ndikumasulira m'Chingelezi kapepala kamene sing'anga wa mankhwala achikhalidwe cha ku China amapatsa odwala ake, ndipo ndakakamira pa mawu akuti 肾虚 (shèn xū), amene mabuku ambiri amawalemba kuti "Kidney deficiency".

Vuto lake n'lakuti impso imene sing'angayu akunena siifanana ndi impso imene dokotala wa kuchipatala amayeza m'magazi ndi m'mikodzo. Pa chiphunzitso chawo, shèn ndi dzina la gulu la ntchito za thupi, monga kukula, kubereka, mphamvu ya mafupa ndi kumva kwa makutu, kotero munthu wodandaula za msana, mawondo ofooka ndi kulira kwa m'makutu angauzidwe kuti ali ndi shèn xū impso zake zili bwinobwino. Mayi wina atawerenga kumasulira kwanga koyamba anasowa tulo poganiza kuti impso zake zikufa. Chimene chikundiopsa kwambiri ndi wodwala impso weniweni, amene angasiye mankhwala a kuchipatala pokhulupirira kuti zitsambazi zikuchiza nthenda yakeyo.

Mabuku ena amangoyamba liwulo ndi chilembo chachikulu, "Kidney", koma ine ndikuona kuti wodwala wamantha sangazindikire kusiyanako, makamaka wina akamamuwerengera mokweza. Kodi ndisiye shèn osamasulira, n'kuwonjezera chiganizo chonena kuti awa si matenda a impso opezeka poyeza kuchipatala? Nanga amene munakumanapo ndi 血虚 (xuè xū), amene odwala amawasokoneza ndi kuchepa kwa magazi koyezedwa kuchipatala, munawalemba motani?