Ndapeza λ = 0.125 koma aphunzitsi alemba 0.1, kodi ndaphonya pati?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni chifukwa mayeso ayandikira ndipo mtima wanga suli m'malo. Tinapatsidwa miyezi imene mijigo isanu inagwira ntchito, yomwe ndi 2, 5, 7, 10 ndi 16, ndipo anati tipeze λ mwa njira ya makisimamu laikilihudi, potenga kuti nthawizi zikutsata ekisiponenshalo, f(x) = λe^(−λx). Nditachulukitsa zisanuzo ndinapeza L(λ) = λ^5 e^(−40λ), popeza miyezi yonse pamodzi ndi 40. Logarithimu yake ndi 5 ln λ − 40λ, ndipo derivetivi nditaifananitsa ndi ziro, 5/λ − 40 = 0, ndinapeza 0.125. Pepala labwera atandichotsera theka la malikisi, pambali atalemba 0.1 popanda kufotokoza. Aphunzitsiwo mu ofesi sapezeka, anzanga owerenga nawo anasiya kundiyankha chifukwa cha ngongole ya fotokope, ndipo kunyumba akudikira kuti ndikhoze chaka chino.

Womaliza digiri ya masamu: Nkhaniyi ndi yachidziwikire. Yankho la n/Σx, lomwe ndi chiwerengero cha mijigo kugawa kwa miyezi yonse pamodzi, limakonda kupitirira λ weniweni, chifukwa avereji yake pa zitsanzo zambirimbiri ndi nλ/(n − 1). Pokonza timagwiritsa ntchito (n − 1)/Σx, ndipo 4/40 ndi 0.1. Ophunzira amakono mumaloweza njira osafunsa ngati yankho lake lili lokondera.

Mayi wa komiti ya mjigo: Ine ndikuona kuti yankho ndi miyezi 8, chifukwa 40 kugawa kwa 5 ndi 8. Komanso mjigo wa kwathu unawonongeka katatu chaka chatha, ndipo okonza anabwera titasonkha ndalama kawiri.

Womaliza digiri ya masamu: Mayi, 8 ndi avereji ya nthawi, pamene λ ndi kuchuluka kwa kuwonongeka pa mwezi, ndiye 1/8. Musasokoneze mwanayu, yankho ndapereka kale.

Mphunzitsi wopuma: Achimwene, zimene mwanena za kukondera n'zoona, koma (n − 1)/Σx si makisimamu laikilihudi. Mukaika 0.1 mu 5/λ − 40 mupeza 10, osati ziro, kusonyeza kuti pamenepo laikilihudi ikadakwerabe. Ngati mijigo yonse isanu inawonongekadi, 0.125 ndi yankho lolondola, ndipo chosowa ndi kusonyeza kuti derivetivi yachiwiri, −5/λ², ili pansi pa ziro, kutsimikiza kuti tafika pansonga. Mwanawe, tilembere funsolo monga momwe lilili papepala, osasiya chizindikiro chilichonse.

Injiniya wa madzi: Vuto lenileni ndi kusankha ekisiponenshalo. Imatenga kuti mjigo umene wagwira ntchito miyezi 15 uli ndi mwayi wowonongeka mwezi wamawa wofanana ndi watsopano, pamene tonse tikudziwa kuti marabala amatha ndi kupopa. Ine ndikanasankha Weibull, imene imalola kuti mwayi wowonongeka uzikula mjigo ukamakalamba.

Womaliza digiri ya masamu: Weibull sanafunsidwe. Ndikubwerezanso, 4/40 ndi kukonza kukondera, ndipo mphunzitsi aliyense wodziwa ntchito yake angayembekezere zimenezo. Ine ndinalephera kosi yonse chifukwa cha mfundo yomweyi, choncho sindikulankhula zongomva.

Wofunsa: Bambo, ndaonanso pepala. Pa nambala yomaliza analemba 16+, ndipo pansi pali mawu akuti kafukufuku anatha pa mwezi wa 16. Ndinkayesa kuti ndi kulakwitsa kwa otaipa.

Mphunzitsi wopuma: Chizindikiro chimenecho ndicho chasintha zonse. Mjigo wachisanu sunawonongeke. Kafukufuku atatha unali ukugwirabe ntchito, ndipo chimene tikudziwa ndi chakuti moyo wake unapitirira miyezi 16. Choncho gawo lake mu laikilihudi si λe^(−16λ) ayi, koma mwayi wopitirira 16, umene ndi e^(−16λ), wopanda λ kutsogolo. Mijigo inayi yowonongeka ikupereka λ^4 e^(−24λ), ndipo ukachulukitsa ndi wachisanuwo upeza λ^4 e^(−40λ). Logarithimu ndi 4 ln λ − 40λ, derivetivi ndi 4/λ − 40, ndipo λ = 0.1. Pamwamba timawerenga mijigo imene yawonongeka yokha, koma pansi timaphatikiza miyezi ya mijigo yonse. Usachotse wachisanuwo kotheratu, chifukwa 4/24, pafupifupi 0.167, ingaonetse ngati mijigo imafa msanga pamene wataya umene unakhalitsa kuposa yonse.

Womaliza digiri ya masamu: Ndiye kuti yankho langa la 0.1 linali lolondola kuyambira pachiyambi.

Mphunzitsi wopuma: Nambala yangofanana chifukwa mjigo wotsala ndi umodzi. Ukanakhala kuti wa 10 nawonso unalembedwa 10+, yankho likanakhala 3/40, lomwe ndi 0.075, pamene njira yanu ikanaperekabe 0.1.

Womaliza digiri ya masamu: Komabe kukondera sikunachoke, ndipo pa mijigo inayi yokha n'kwakukulu. Palibe amene wandiyankha pamenepo.

Wofunsa: Zikomo bambo, ndamva. Nanga pa mayeso, akapanda kutchula za kukondera, ndilembe n/Σx yokha kapena ndiwonjezere ndi (n − 1)/Σx pansi pake?