Ndithandizeni kalata yoti amayi alumikizenso TV ku Wi-Fi

Moni nonse. Ndili ku Joni, amayi ali ku Zomba. Mlongo wanga atapitako anasintha pasiwedi ya Wi-Fi chifukwa ana a pafupi ankamaliza bandulo. Chisinthireni, TV yao ya Samsung sikulumikiza, ikungoyesa pasiwedi yakale. Foni yao ikugwira, choncho rauta ilibe vuto.

Kuwafotokozera pafoni kwakanika, rimoti ndi foni m'manja nthawi imodzi zikuwasokoneza. Kuzimitsa TV ndi rauta pakhoma sikunathandizenso. Ndaganiza zowalembera kalata yoti aisunge pafupi ndi TV. Ndalemba motere:

"Amayi, dinani batani lokhala ndi kanyumba pa rimoti. Pitani pa Settings, kenako General, Network, Open Network Settings, ndipo sankhani Wireless. Mukaona dzina la Wi-Fi yathu, dinani batani lapakati. Lembani pasiwedi yatsopano chilembo chimodzichimodzi monga ndalembera pansipa, kenako dinani Done."

Pandivuta ndi pa pasiwedipo. Muli zilembo zazikulu ndi zazing'ono, mulinso 0 amene amayi amamuwerenga ngati O. Kamuvi koloza m'mwamba kosinthira zilembo ndikafotokoze bwanji kwa munthu wa maso ofooka? Komanso TV ikapanda kufunsa pasiwedi, ndiwauze adine Reset Network? Mawu oti Reset amawaopa, amati afufuta zonse, pomwe amangochotsa za netiweki zokha.

Kapena ndingouza mlongo wanga abwezeretse pasiwedi yakale? TV ingalumikize yokha, koma ana aja abwereranso. Amene munalemberapo makolo kalata yotere, munaika mawu otani?