Rizisita, koyilo ndi kapasita pa mzere umodzi: masamu akukana

Wamakoyilo: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Rizisita 40 Ω, koyilo 0.2 H, kapasita 100 µF, zonse mondondozana pa 230 V, 50 Hz. XL, kukana kwa koyilo, ndapeza 62.8 Ω, XC, kukana kwa kapasita, 31.8 Ω. Ndaphatikiza zonse zitatu, 134.6, ndiye karenti ikhale 1.7 A. Koma mita ikuti 4.3 A, ndipo pa koyilo pali 269 V, kuposa ya pasoketi! Ngodya ya fezi sindinaiyambe n'komwe.

Kadzidzi: Kapasita yapsa imeneyo achimwene. Sinthani.

Gogo Fyuzi: Musasinthe kanthu, cholakwika ndi kuphatikizako. Voteji ya pa koyilo imatsogola karenti ndi madigiri 90, ya pa kapasita imatsalira ndi 90 yomweyo. Ziwirizi zimakokerana kosiyana, choncho mumachotsera: 62.8 kuchotsa 31.8 kutsala 31. Ndipo 31 ameneyu sawonkhetsedwa ndi 40 ngati ndalama, chifukwa waima chopingasa ndi rizisita. Kukana konse pamodzi ndi Z, karenti ndi I, ngodya ya fezi ndi φ:

```
Z = √(40² + 31²) = 50.6 Ω
I = 230 / 50.6 = 4.55 A
φ = tan⁻¹(31 / 40) = 37.8°
```

Koyilo ndiyo yapambana, ndiye karenti ikutsalira m'mbuyo mwa voteji.

Kadzidzi: 4.55 si 4.3 agogo. Ndanena kale, kapasita.

Gogo Fyuzi: Ikanaduka mkati, karenti sikanayenda n'komwe. Ikanachita shoti, pakanatsala 40 ndi 62.8, karenti n'kutsikira cha pa 3 A. Kusiyana kochepaku kukuchokera ku waya wa koyilo, nayenso ali ndi maomu ake. Zimitsani, muyeze koyiloyo. Mukapeza 4 Ω, R akhala 44, Z 53.8, karenti 4.27 A, ngodya madigiri 35. Ndi zomwe mita yanu ikunena.

Namagetsi: Za 269 V zisakuopseni bambo, mita sinapenge. Pa kapasita mupeza cha pa 136 V, pa rizisita 171 V. Kuwonkhetsa wamba kukupatsani 576, koma mavotiwa safika pachimake nthawi imodzi. Chondidetsa nkhawa ine ndi malangizo osintha kapasitawo. Mukaika ya 50 µF, XC ikwera kufika 63.7, pafupifupi kufafanizana ndi koyilo. Karenti ifika 5.2 A, pa kapasita pagwa 333 V, ndipo yolembedwa 250 V ikhoza kuphulika. Ya pulasi ndi mayinasi, ija ya mu wailesi, isayandikire pamenepo. Komanso rizisita yanu ikudya mawati oposa 700, ndi mbaula imeneyo, musaiike pa thabwa. Mukazimitsa, yambani mwatsitsa moto wa mu kapasita kudzera pa rizisita, osati kugundanitsa ndi sikuludiraiva.

Wajenereta: Nanga pa jenereta masamu ndi omwewa?

Namagetsi: Njira ndi yomweyo, koma yezani kaye mahetsi. Injini ikalemedwa n'kutsikira pa 47 Hz, XL ikhala 59, XC 33.9, zonse muwerengenso.

Kadzidzi: Komabe ine kapasitayo ndikanaiyeza.